Kalata ya odita isagone m'dirowa

Pali kalata ina yomwe imafika pa masukulu athu koma makolo saiona, ndipo kawirikawiri ngakhale mamembala a bodi amangomva mphekesera kuti inabwera. Ndikunena kalata ija odita amalembera bodi akamaliza kuunika mabuku a ndalama. Ine ndinaigwira ndi manja angawa zaka zingapo zapitazo, pamene ndinali membala wa bodi ya sukulu ina ya sekondale kumapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Dzina la sukuluyo sinditchula, chifukwa amene analakwa kwambiri pa nkhaniyi tinali ife a bodi, ndipo ine ndinali momwemo.

Kalatayo inali ya masamba asanu ndi limodzi. Inalembedwa kupita kwa wapampando wa bodi, koma inafikira mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, chifukwa bokosi la makalata n'la sukulu. Inagona m'dirowa miyezi iwiri yathunthu. Itatuluka pa msonkhano, mlembi anawerenga ndime yoyamba yokha, ya moni ndi kuthokoza chifukwa cholandira bwino alendo, kenako apampando anati, "Abale, zinazi n'zachizungu cha maakaunti, tiwasiyire aphunzitsi akulu atiyankhire." Tonse tinagwedeza mitu. Tinapereka kalata yodzudzula kasungidwe ka ndalama kwa anthu omwewo amene amasunga ndalamazo, kuti adziyankhire okha.

Owerenga ambiri amasokoneza zinthu ziwiri, choncho ndiyambe ndazilekanitsa. Odita akamaliza ntchito amatulutsa lipoti, lomwe ndi lalifupi, longonena ngati ziwerengero za chaka chonse zikupereka chithunzi choona kapena ayi. Pambali pa lipotilo pamabwera kalata, ndipo nyama ili m'kalatamo. Mmenemo ndi mmene odita amafotokoza mipata imene aona kuti ndalama zitha kudonthera. Mfundo iliyonse amaigawa panayi: chimene anapeza, ngozi yake, chimene akulangiza, ndi malo opanda kanthu oti bodi ilembepo yankho lake. Malamulo a ntchito ya odita m'maiko ambiri amawakakamiza kuti zofooka zikuluzikulu azinene mochita kulemba kwa anthu amene ali ndi udindo woyang'anira bungwe, osati kungonong'oneza wogwira ntchito pa khonde. Pa sukulu, anthu amenewo ndi bodi kapena komiti. N'chifukwa chake pamwamba pa kalata pamakhala dzina la udindo wa wapampando.

Tsono nazi zimene zinali m'kalata yathu. Ziwerengero ndazisalaza pang'ono kuti zitsatike bwino. Odita anatenga teremu imodzi. M'kaundula munali ana 320, ndipo nthawi imeneyo mwana aliyense amalipira K15,000 pa teremu. Akanalipira onse, sukulu ikanalandira K4,800,000. Malisiti amene analembedwa anali 290, kutanthauza K4,350,000. Ana 30 otsalawo anati sanalipire, koma buku la angongole panalibe, moti palibe amene akanatha kutchula kuti ana 30 amenewa ndi ati.

Odita anasiya kaye zimenezo n'kutenga sitetimenti ya ku banki. Mu teremu yonseyo, ndalama zimene zinalowa mu akaunti ya sukulu zinali K2,900,000. Malisiti akuti K4,350,000, banki ikuti K2,900,000. Pakati pasowa K1,450,000.

Munthu akamva chonchi amathamangira kukuwa kuti wakuba. Koma odita wodziwa ntchito amafunsa kaye kuti ndalamazo zinapita kuti. Kalaliki wa sukulu anatulutsa emvulopu ya mapepala: malisiti a choko, mapepala a mayeso, nkhuni, malipiro a mlonda, thiransipoti yopita ku ofesi ya maphunziro. Atawawonkhetsa anakwana K980,000. Ndalama zimenezi zinagwiradi ntchito ya sukulu, kungoti zinatapidwa kuchokera m'dirowa zisanaone khomo la banki. Zatsala K470,000. Odita anati atsegule kabati awerenge pomwepo, ndipo munapezeka K85,000 ya manotsi. Pansi pa manotsiwo panali timapepala tong'amba m'kope, tolembedwa kuti mphunzitsi uje wabwereka zakuti adzabweza pakutha pa mwezi, wina wa feteleza, wina wa maliro. Timapepalato tinakwana K210,000. Zotsala, K175,000, zinalibe lisiti, zinalibe kapepala, zinalibe munthu wokumbukira.

Chimene chinandizizimutsa ine ndi chakuti kalatayo sinanene paliponse kuti wina waba K175,000. Inati, mmene zinthu zikuyendera pa sukulupa, n'kosatheka kudziwa ngati ndalamazo zinabedwa, zinagula zinthu lisiti n'kutayika, kapena wina anangophonya powerenga. Anzanga ena a bodi anapumira m'mwamba atamva kuti dzina la munthu mulibe. Iwo anaitenga ngati nkhani yabwino. Ine ndikuti mawu amenewa ndi owawa kuposa kutchula wakuba. Wakuba mumamuchotsa n'kulemba wina. Koma sukulu imene singathe kusiyanitsa kuba ndi kuiwala, aliyense amene mudzamuike pa mpando umenewo adzakhala pa chiyeso, ndipo akakhala wokhulupirika sadzakhala ndi chodzitetezera tsiku lomwe mudzamuloze chala.

Kalaliki wathu, mmene ndimamudziwira ine, anali munthu wabwinobwino, wopemphera, woyenda pa njinga yakapalasa. Koma iye yekhayo ndiye amalandira ndalama, kulemba lisiti, kusunga kiyi wa kabati, kupita ku banki, ndi kulemba buku la ndalama zolowa ndi zotuluka. Ntchito zisanu, munthu mmodzi. Akalakwitsa palibe womuona, akatenga palibe womuona. Iyi inali mfundo yoyamba m'kalata, ndipo odita anaiika m'gulu la zoopsa kwambiri. Ife tinadandaula kuti sukulu ya kumudzi ilibe ndalama zolembera anthu atatu a maakaunti. Zoona. Koma kalatayo sinapemphe kuti tilembe munthu. Inangoti wolemba lisiti asakhale yemwe akuyerekeza malisiti ndi sitetimenti ya ku banki, ndipo ntchito yachiwiriyi msungichuma wa bodi atha kuigwira kamodzi pa mwezi, masana amodzi.

Nkhani ya mabuku a malisiti ndiyo ndifuna makolo aimvetse, chifukwa ndi pamene iwo angathandize. Teremu imeneyo sukulu inagwiritsa ntchito mabuku asanu ndi limodzi, lililonse la malisiti 50, onse pamodzi 300. Lisiti lililonse lili ndi nambala yosindikiza, ndipo pansi pake pamatsala kope la kaboni. Odita sawerenga ndalama zokha, amawerenganso manambala. Anapeza malisiti 290 olembedwa bwino. Anayi anali olakwika, odulidwa mizere iwiri, tsamba lapamwamba likadali momwemo pamodzi ndi kope lake. Amenewo alibe mlandu, ndimo mmene lisiti lolakwika liyenera kusungidwira. Koma manambala asanu ndi limodzi kunalibe, tsamba lapamwamba ndi kope lomwe zinang'ambidwa. Ngati makolo asanu ndi mmodzi analipira n'kupatsidwa malisiti amenewo, ndiye kuti pali K90,000 ina imene sinalowe ngakhale m'chiwerengero cha K4,350,000 chija, ndipo ana awo ali m'gulu la 30 aja otchedwa angongole. Mwana wotereyu amabwezedwa pa geti kuti akatenge fizi, mayi ake atagulitsa kale soya pa Malomo kapena mtedza pa Mponela.

Kuipa kwake, mabuku a malisitiwo amagulidwa m'sitolo wamba ya zolembera, ndipo panalibe kaundula wosonyeza kuti agulidwa angati, manambala ake akuyambira pati kulekeza pati, ndipo wapatsidwa ndani. Popanda kaundula ameneyu, munthu atha kukhala ndi buku lachisanu ndi chiwiri m'thumba mwake, lofanana ndendende ndi enawo, n'kumalandira ndalama za makolo chaka chonse. Odita sangalione, pakuti amaunika zimene mwawapatsa. Njira yokha yoligwirira ndiyo kutenga ana angapo m'kalasi, kuwapempha malisiti a kunyumba, n'kuona ngati manambala ake ali m'mabuku a mu ofesi. Choncho inu makolo, kapepala kaja musamakulungire fodya. Ndipo akakupatsani chidutswa cha kope chopanda nambala yosindikiza ndi chidindo cha sukulu, dziwani kuti simunalandire lisiti.

Ndibwerere ku K980,000 ija, imene anzanga ankati ilibe vuto popeza inagula choko ndi nkhuni. Odita anaiika pakati pa zoopsa, ndipo poyamba ine ndemwe ndinaona ngati akukokomeza. Lamulo lawo n'lakuti ndalama zonse zolandiridwa zipite ku banki zathunthu, osatapako ngakhale tambala, kenako zogula zonse zituluke ku banki. Chifukwa chake n'chapafupi. Ndalama zikapita zathunthu, munthu aliyense wodziwa kuwonkhetsa atha kuika malisiti a sabata ino dzanja ili, silipi ya ku banki dzanja linali, ndipo ziwerengero ziwirizo ziyenera kufanana. Zikasiyana, funso limabuka sabata yomweyo, anthu akadakumbukira. Koma mukamatapa pakati, ziwerengerozo sizidzafanana ngakhale tsiku limodzi, aliyense amazolowera kuti zimasiyana, ndipo K175,000 imabisala bwinobwino m'kati mwa kusiyanako mpaka odita adzabwere patapita chaka.

Apa ndiyenera kuwachitira chilungamo aphunzitsi akulu, chifukwa yankho lawo linali ndi nzeru. Anati, "Apampando, banki ili ku Mponela. Kukwera njinga yamoto kukafika pa tala, kudikira galimoto, kuima pa mzere, tsiku latha. Nthawi ya dzinja msewu wathu mukuudziwa. Kodi ndipite kukasiya ndalama lero, mawa ndipitenso kukatenga zogulira choko?" Aliyense amene anayendapo m'mapiri amenewa mu Febuluwale sangawatsutse. N'chifukwa chake teremu yonse anapita ku banki katatu kokha, ndipo nthawi ina ndalama zoposa miliyoni zinagona m'kabati yamatabwa masabata asanu, mlonda ali ndi chibonga chokha.

Koma mankhwala a vuto limeneli anali m'kalata momwemo, pa tsamba lachinayi limene sitinawerenge. Bodi ivomereze thumba laling'ono la zogula za tsiku ndi tsiku, tinene K100,000, lotapidwa ku banki ndi cheke. Chilichonse chogulidwa chikhale ndi vocha yosainidwa ndi mphunzitsi wamkulu, lisiti la wogulitsa atalimata kumbuyo. Mwachitsanzo, zikagwiritsidwa ntchito K78,000, wosunga thumba abweretse mavocha a K78,000, msungichuma awaone, ndipo alembe cheke cha K78,000 yomweyo kuti thumba libwerere pa K100,000. Ubwino wake ngwakuti tsiku lililonse, ola lililonse, manotsi a m'bokosi kuphatikiza mavocha ziyenera kukwana K100,000. Membala wa bodi atha kungotulukira Lachitatu m'mawa osanena, n'kuwerenga m'mphindi khumi. Kapepala ka ngongole ya mphunzitsi si vocha. Ndipo ndalama za fizi, popeza zambiri zimabwera m'masabata awiri oyamba a teremu, ulendo wa ku banki ukhale kawiri pa sabata nthawi imeneyo, pambuyo pake kamodzi. Ulendowo uli ndi mtengo wake, inde, koma maulendo onse a teremu sakanafika pa K175,000.

Ena adzati zonsezi n'zachikale, makolo azingolipira okha ku banki kapena pa foni. Ndikuvomera kuti zimachepetsa manotsi m'kabati. Koma zimasamutsa ngoziyo, siziichotsa. Silipi imodzi ya ku banki itha kuonetsedwa ndi ana awiri ngati palibe amene akuiyerekeza ndi sitetimenti. Ndipo ndalama zikamalowa pa nambala ya foni ya mphunzitsi m'malo mwa nambala yolembetsedwa m'dzina la sukulu, ndiye kuti mwangosintha dirowa lamatabwa ndi dirowa la m'thumba.

Mfundo imene inatichititsa manyazi kwambiri inali ya macheke. Akaunti yathu imafuna anthu awiri osaina, mphunzitsi wamkulu ndi wapampando. Apampando amakhala kutsidya kwa mtsinje, ndipo pofuna kuchepetsa mavuto amasainiratu macheke asanu opanda kanthu n'kuwasiya mu ofesi. Odita anapeza atatu otere m'buku. Siginecha yachiwiri tanthauzo lake n'lakuti munthu wachiwiri waona chimene akulipira, kwa ndani, ndi zingati. Ikasainidwa pa pepala loyera, akauntiyo yasanduka ya munthu mmodzi. Ndikukhulupirira kuti ndime imeneyi ndiyo inachititsa kuti kalata iwerengedwe moni wokha.

Kodi bwanji anthu akuluakulu asanu ndi anayi, ena a ife ophunzira ndithu, tinalephera kufunsa? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mphunzitsi wamkulu ndi amene amalembera ana athu makalata, apampando ndi mkulu wa mpingo, kalaliki ndi mphwake wa mfumu. Kufunsa sitetimenti kumaoneka ngati mwano. Komanso ambiri a ife tinakula nthawi imene munthu umagula khadi la chipani pa chipata cha msika osafunsa kumene ndalamayo ikupita. Tinavota pa 14 Juni 1993 kuti zimenezo zithe, koma chizolowezi choopa kufunsa za ndalama chinatsalira m'mafupa.

Ndipo matendawa sali kumudzi kokha. Malipoti a mkulu wounika chuma cha boma akhala akupita ku Nyumba ya Malamulo chaka ndi chaka ali ndi nyimbo imodzimodzi ya mavocha osowa ndi ndalama zotuluka popanda zikalata. Mu 2013 dziko linadzidzimuka ndi kubedwa kwa ndalama ku likulu la boma ku Lilongwe, ndipo kampani ya Baker Tilly itaunika inapeza kuti zoposa K13 biliyoni zinapita m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala. Ndalamazo zinadutsa m'mipata ya mtundu womwewu: wolemba ndi wovomereza osalekanitsidwa bwino, ndiponso mabuku osayerekezedwa ndi sitetimenti ya ku banki pa nthawi yake. Kabati yathu yamatabwa inangosiyana ndi zimenezo pa kuchuluka kwa maziro. Kuyambira 2010 boma linayamba kutumiza ndalama zotukulira masukulu a pulaimale m'maakaunti a masukuluwo, kutanthauza kuti ngakhale komiti ya kasukulu ka kuseri kwa nkhalango ya Ntchisi iyenera kudziwa kuwerenga kalata yotere.

Tsono malo opanda kanthu aja, a yankho la bodi. Aphunzitsi akulu atatiyankhira, pa mfundo zonse zisanu ndi ziwiri analemba mawu amodzimodzi akuti tamva ndipo tikonza. Yankho lotere ndi ulemu chabe. Yankho lenileni limanena ngati mukuvomera kapena mukukana, chimene muchite, udindo wa amene achite, ndi tsiku. Pa nkhani ya malisiti likanati: tavomera, mlembi wa bodi atsegula kaundula wa mabuku a malisiti sukulu isanatsegulidwe, mabuku osagwiritsidwa ntchito azisungidwa ndi wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo kalaliki azipatsidwa limodzi atabweza lakale. Kukana nakonso n'kololedwa. Odita akanati tizipita ku banki tsiku lililonse, tikanalemba kuti sizingatheke kuno, nachi chifukwa chake, nayi njira yathu. Odita amalemekeza bodi yotsutsa ndi mfundo kuposa yovomera zonse osachita kanthu, chifukwa chaka chotsatira chinthu choyamba chimene amachita ndi kutsegula kalata yakale n'kuona zimene munalonjeza.

Ndi zimene zinatichitikira. Chaka chotsatira kalata inabweranso, ndipo pa mfundo zisanu mwa zisanu ndi ziwiri panalembedwa kuti zinanenedwa kale chaka chatha. Apo ndiye mlandu unachoka pa kalaliki n'kubwera pa ife. Chaka choyamba tikanati sitimadziwa. Chaka chachiwiri tinali titauzidwa mochita kulemba. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ife tinamuona odita ngati mlendo wodzatinyoza.

Sindikuti kalata ya odita ndi uthenga wochokera kumwamba. Odita amatola zitsanzo, saona pepala lililonse, ndipo iwo eni amalemba zimenezo kumapeto kwa kalata. Kwathu anaunika teremu imodzi mwa atatu. Bodi yanzeru ikaona K175,000 yasowa mu teremu imodzi imatenga mabuku a materemu enawo n'kuchita masamu omwewo yokha: malisiti, kuchotsa za ku banki, kuchotsa mavocha, kuchotsa zotsala m'kabati. Zikaoneka kuti pali dzanja la munthu, imeneyo ndi nkhani ina, yopita kwa eni sukulu, ku ofesi ya maphunziro, ngakhale ku polisi, ndipo woganiziridwayo apatsidwe mpata woyankha. Koma kudikira kuti wakuba adziwike kaye musanatseke mipata ndi kusiya khola lotsegula pofuna kudziwa dzina la fisi.

Pempho langa kwa mabodi ndi makomiti a ku Dowa ndi Ntchisi, kuyambira ku Mvera mpaka ku Malomo, ndi ili. Kalata ikafika, aitsegule wapampando pamaso pa bodi yonse. Iwerengedwe yonse, ndipo imasuliridwe m'Chichewa, pakuti mayi woimira makolo amene amasunga mabuku a banki mkhonde amadziwa bwino kuposa ife kuti ndalama amawerengera pagulu. Pokambirana mfundo zokhudza mphunzitsi wamkulu ndi kalaliki, iwo afotokoze mbali yawo kenako atuluke kaye panja. Ndipo pa msonkhano wa makolo, mfundozo pamodzi ndi mayankho ake zinenedwe poyera, popanda kutchula maina a anthu amene sanapezeke olakwa. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, koma kholo lisachite kufika potchula lamulo kuti limve za ndalama zimene linapereka lokha.

Kwathu kuja tinachita zimenezi chaka chachitatu, mochedwa. Ngongole za aphunzitsi zinabwezedwa pang'onopang'ono, kupatula K40,000 ya mphunzitsi amene anali atasamutsidwa kale. Macheke osainiratu tinawadula mizere pamaso pa aliyense. Mwa malisiti asanu ndi limodzi ong'ambidwa aja, awiri anapezeka m'manja mwa makolo titalengeza manambala ake pa msonkhano, mmodzi ataulisunga m'buku la nyimbo. Anayi enawo, pamodzi ndi K175,000, mpaka lero sizinaoneke.